Mphindi 15 zoyankhula ndi achinyamata za kubetcha: ndinene chiyani?

Funso: Ndine mtsogoleri wa achinyamata pa mpingo wathu wa Amalawi ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa. Abusa andipatsa mphindi 15 Lamulungu likubwerali kuti ndiyankhule za kubetcha. Anyamata athu ambiri akumaswera m'mashopu obetchera, ena akumasewera kandege pa foni mapemphero ali mkati. Ineyo sindinabetchepo. Ndiwauze chiyani kuti asangogwedeza mutu n'kukapitiriza?

Yankho: Achimwene, gwiritsani ntchito mphindi 12 zokha, zitatu zotsalazo musiyire mafunso. Pa mphindi 12 zimenezo, theka lipite ku masamu. Wachinyamata aliyense amene akhale pa benchi tsiku limenelo anamva kale kuti njuga ndi tchimo, anamva kwa agogo ake, ku Sande sukulu, ngakhale kwa abusa omwewo. Chimene sanaonepo ndi maso ake ndi njira imene ndalama yake imachokera m'thumba mwake n'kukalowa kwa mwini shopu. Mnyamata wobetcha sadziona ngati wotchova njuga. Amadziona ngati munthu wodziwa mpira amene wangosowa mwayi sabata ino. Mukangomuuza kuti akuchimwa, avomera mwaulemu, Loweruka abwererakonso. Koma akaona kuti ngakhale wodziwa mpira chotani masamu ake anakonzedwa kale kuti aziluza, mwakhudza chimene chimamubwezera ku shopu.

Musayambe ndi funso loti "ndani pano amabetcha?" Palibe amene akweze dzanja, ndipo onse obetcha atseka makutu nthawi yomweyo poganiza kuti mwabwera kudzawayalutsa. Yambani ndi chinthu chimene onse akuchiona tsiku ndi tsiku. Ligi yaikulu ya mpira ya dziko lino kuyambira 2024 imatchedwa Betway Premiership. Zikwangwani za makampani obetcha zili m'misewu, pa mataxi, pa wailesi ya kanema mpira ukapumira. Afunseni funso limodzi lokha: ndalama zolipirira zonsezi zimachokera kwa ndani? Musayankhe. Dikirani pang'ono, kenako itanani anthu awiri kutsogolo.

Loweruka madzulo werengani nyemba 100 zouma, muzigawe m'timapepala tiwiri, 50 uku 50 uku. Tengani mbale yachitsulo ndi kobiri limodzi, la R5 ndi labwino chifukwa ndi lalikulu, a kumbuyo aliona. Odzipereka awiriwo asakhale anthu amene aliyense akudziwa kuti amabetcha. Sankhani mtsikana mmodzi ndi mnyamata mmodzi omasuka, oti gulu lisekerere nawo. Inuyo ndinu mwini shopu. Mmodzi asankhe mbali ina ya kobiri, mnzake mbali inayo, ndipo asasinthe mpaka masewero atha. Ulendo uliwonse aliyense akupatseni nyemba 10, ndiye kuti m'manja mwanu muli 20. Ponyani kobiri. Musanapereke kwa wopambana, chotsani nyemba imodzi, ikwezeni m'mwamba kuti onse aione, muigwetsere m'mbale ija imveke kulira, kenako mupereke 19. Chitani zimenezi kasanu. Zimatenga mphindi zinayi ngati nyembazo munaziika kale m'timilu ta khumikhumi.

Ulendo wachisanu ukatha, awerenge. Mwina mmodzi apezeka ndi zoposa 50 ndipo azinyadira, mnzake ali ndi zochepa. Koma zonse pamodzi zikwana 95, ndipo zisanu zili m'mbale mwanu. Apa ndi pofunsa gulu: kodi ine ndinasankha mbali? Kodi ndimadera nkhawa kuti kobiri ligwa bwanji? Akanati apitirize, n'kumabwerekana nyemba wina zikamuthera, pofika ulendo wa 50 theka la nyemba zonse likanakhala m'mbale, ine osaluzapo ngakhale kamodzi. Chenjezo limodzi pa chionetserochi: musalole awiriwo kusankha mbali imodzi, ndipo musalole ena kulowererapo n'kuchulukitsa mbali ina. Zikatero mwini shopu atha kuluza ulendo umodzi kapena iwiri, ndipo gulu likumbukira zoti shopu inagonja, osati phunziro lanu. Musagwiritsenso ntchito ndalama zenizeni m'tchalitchi, ngakhale zongochitira chitsanzo.

Tsopano lumikizani nyembazo ndi zimene amaona pa foni. Pafupi ndi timu iliyonse pamakhala nambala imene obetcha amati maodzi, yomwe imachulukitsa ndalama yako ukawina. Pa zinthu ziwiri zimene mwayi wake ndi wofanana, monga kobiri lija, malipiro achilungamo akanakhala 2.00 mbali zonse, kuika R10 n'kulandira R20. Koma pa foni mupeza 1.90 ndi 1.90, nthawi zina kutsikirapo. R10 ikubweza R19. Randi imodzi yosowayo ndi nyemba ija. Aphunzitseni kudziwerengera okha, chifukwa aliyense ali ndi chowerengetsera pa foni pomwepo: gawani 100 ndi nambala iliyonse, kenako phatikizani mayankhowo. Tiyerekeze kuti masewero ena alembedwa 2.10 timu ya pakhomo, 3.30 kulepherana, 3.40 timu yobwera. Mupeza 47.6, 30.3 ndi 29.4, zonse pamodzi 107.3. Pa mpira pamachitika chimodzi mwa zitatuzi basi, ndiye zinayenera kukwana 100 ndendende. Zoonjezerazo ndi phindu la kampani, loikidwamo mpira usanayambe. Auzeni kuti akayese pa masewero alionse amene angafune. Pa kampani imodzi sadzapeza pamene zikukwana 100 kapena kucheperapo. Mawu oti "musandikhulupirire ine, kawerengeni nokha" amagwira mtima wa mnyamata kuposa kumukalipira.

Gawo limene muyenera kuthera nthawi ndi tiketi yaitali, ija yosanjikiza matimu ambiri pa ndalama yochepa. Iyi ndi imene anyamata athu amaikonda, chifukwa R20 imaoneka ngati si ndalama, pamene nambala yolembedwa m'munsi mwa tiketi ndi yokwana lendi. Lembani pa bolodi kapena pa pepala lalikulu musanayambe, kuti musataye nthawi. Matimu 10, onse amphamvu, iliyonse pa 1.50. Mukachulukitsa 1.50 kakhumi mupeza pafupifupi 57.7, ndiye R20 ikulonjeza R1,153. Wobetcha amayang'ana timu iliyonse payokha n'kuona kuti iwina ndithu, ndipo sakunama kwenikweni, chifukwa timu ya 1.50 imawina kawirikawiri. Tikachotsa phindu la kampani la 5 pa 100 iliyonse, ngati lija la nyemba, mwayi wa timu yotere ndi pafupifupi 63 pa 100. Vuto ndi lakuti zonse khumi ziyenera kuwina pamodzi. Mwayi wa 63 pa 100 ukadzichulukitsa kakhumi umatsika mpaka pafupifupi tiketi imodzi pa matiketi 96. Matiketi 96 a R20 ndi R1,920. Ndiye munthu amalipira R1,920 kuti alandire R1,153. Phindu la kampani limene linali 5 pa 100 pa masewero amodzi lakula kufika pafupifupi 40 pa 100, chifukwa timu iliyonse yoonjezera imagwetsera nyemba yakeyake m'mbale. N'chifukwa chake makampani amalimbikitsa matiketi aatali, mpaka kuonjezerapo kabonasi matimu akachuluka.

Pali chinthu china pa tiketi imeneyi chimene ndikufuna muchinene momveka bwino, chifukwa ndi pamene pagona msampha weniweni. Mnyamata aliyense wobetcha ananenapo mawu awa: "Timu imodzi yokha ndi imene yandiphera tiketi." Amatero akuonetsa anzake kapepala kokhala ndi zochonga zisanu ndi zinayi, n'kumadzimva kuti anatsala pang'ono. Pa tiketi ya chitsanzo chathu, mwayi woti matimu 9 awine, imodzi yokha n'kulephera, ndi pafupifupi 6 pa 100, pamene mwayi woti onse awine ndi 1 pa 100. Kuphonya ndi timu imodzi kumachitika pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa kuwina. Si tsoka, si ufiti, si kuti wina kumudzi wakutsekera mwayi. Tiketiyo ndi m'mene inapangidwira. Ndipo kuphonya pang'ono kotereku kumautsa mtima pafupifupi ngati kuwina, munthu n'kuona kuti mawa ndiye mawa. Mukanena zimenezi yang'anani nkhope zawo. Muona ena akumwetulira mwamanyazi, chifukwa mwawauza mawu awo enieni popanda kutchula dzina la munthu.

Kenako sandutsani ndalamayo kukhala thukuta. Tiketi ya R20 tsiku lililonse ndi R600 pamwezi. Pa matiketi 30 otere, mwayi woti mwezi wonse uthe osawina ngakhale imodzi ndi pafupifupi 73 pa 100, kutanthauza miyezi itatu mwa inayi. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'dziko lino anaikidwa pa R28.79 pa ola mu Malichi 2025, ndipo tonse tikudziwa kuti abale athu ambiri ogwira m'minda ya maluwa, m'makhitchini, m'mashopu a ku Fordsburg ndi Mayfair salandira ngakhale zimenezo. Pa mlingo umenewu R600 ndi maola pafupifupi 21, masiku awiri ndi theka a ntchito. Funsani kuti R600 ikanatumizidwa pa Mukuru ikanachita chiyani kwa mayi kumudzi. Musayankhe inuyo ndipo musatchule mtengo wa feteleza kapena wa thumba la chimanga, mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi ndipo wina akutsutsani. Aliyense akudziwa yekha chimene kwawo akudikira.

Za kandege, kamene pa foni kamalembedwa Aviator, nenani mwachidule koma molunjika. Kandege kamanyamuka, nambala imakwera, ndipo uyenera kudina batani lotapa kasanathawe. Amene anakapanga amalengeza okha kuti kamabweza 97 pa 100 iliyonse yobetchedwa. Wachinyamata akamva 97 amaona ngati ndi zabwino kuposa mpira. Kuipa kwake kuli pa liwiro. Mpira umadikira mphindi 90, kandege ulendo umodzi umatha m'masekondi, ndipo ndalama imene wawina umaibwezeramo nthawi yomweyo. Munthu amene waika R100 n'kumasewera R10 ulendo uliwonse, akafika maulendo 100 wabetcha R1,000, ngakhale m'thumba munachoka R100 yokha. Atatu pa 100 a R1,000 ndi R30. Ndiye kaphindu kaja kamene kamaoneka kochepa kadya kale gawo lalikulu la R100 yake, asanatsike taxi yochokera ku tauni. Kudina batani kumapangitsa munthu kuona ngati akuwongolera yekha, koma pamene kandegeko kathawire sipadalira chala chake kapena maulendo apitawo.

Wina adzakuuzani kuti ali ndi njira: kutapa pa 2.00 nthawi zonse, ndipo akaluza kuwirikiza ndalama. Konzekerani, chifukwa funso ili limabwera ndithu. Mwayi woti kandege kafike pa 2.00 ndi pafupifupi 48.5 pa 100, kuchepera theka pang'ono. Kuwirikiza kumayenda chonchi: R10, R20, R40, R80, R160, R320, R640. Kuluza kasanu ndi kawiri motsatizana ndi R1,270 yapita, ndipo ulendo wotsatira ukufuna R1,280, zonsezi pofuna phindu la R10. Kuluza kotsatizana kotereku kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 100 oyambira pa R10, ndipo pa masewero othamanga chonchi 100 sachedwa kukwana. Njirayi imapatsa munthu timaR10 tambiri masiku angapo, iye n'kuyamba kuphunzitsa anzake, kenako tsiku limodzi imatenga malipiro onse a mwezi. Onjezanipo chiganizo chimodzi cha anthu a pa Telegram ndi WhatsApp ogulitsa mapulogalamu olosera kandege kapena masewero oti anakonzedwa kale: munthu wodziwadi zotsatira sangazigulitse R150 kwa mlendo.

Mawu a Mulungu abwere masamu atatha, ndipo akhale mavesi awiri basi. Ine ndingasankhe 1 Timoteyo 6:9-10, pamene akunena za ofuna kulemera amene amagwa m'mayesero ndi mumsampha n'kudzilasa okha ndi zowawa zambiri, ndi Miyambo 13:11, pamene chuma chobwera mwachangu chimatha koma wosonkhanitsa pang'onopang'ono amachulukitsa. Vesi loyambalo likawerengedwa nyemba zija zili m'mbale pamaso pawo, mawu oti msampha safunikanso kumasulira. Muwerengetse wachinyamata, osati inuyo. Pewani kunena kuti pali vesi lolembedwa kuti usabetche. Kulibe, ndipo pagulu sipalephera wina wodziwa Baibulo amene angakufunseni za ophunzira amene anachita maere posankha Matiya pa Machitidwe 1:26. Yankho lake ndi lalifupi: pa maere amenewo panalibe woika ndalama, panalibe wolemera chifukwa mnzake wasauka. Pa kubetcha, R1,153 imene mmodzi walandira ndi maR20 a anzake amene aluza, ambiri a iwo osauka ngati iye yemwe. Wina angafunsenso za mpikisano wa matiketi umene mipingo ina imachita posonkhetsa ndalama za chitukuko. Ngati mpingo wanu umachita zimenezo, kambiranani ndi abusa Lamulungu lisanafike kuti mudziwe chonena. Funsolo ndi lachilungamo, ndipo kulizemba kungagwetse zonse zimene mwamanga.

Pali mbali ina imene imakhudza ife obwera kuposa eni dziko, ndipo iyenera kupeza mphindi imodzi. Kuika ndalama m'akaunti yobetchera n'kosavuta, vocha ya R10 kapena R20 imagulidwa pa sipaza iliyonse. Kutapa ndiye kumafuna kuti kampani itsimikize kuti ndiwe ndani, zimene pa foni zimalembedwa FICA, ndipo amafuna chiphaso kapena pasipoti. Anyamata ambiri amene mapepala awo sali bwino amabetchera pa akaunti ya mnzawo kapena ya chibwenzi. Ndalama ikawinidwa, mwini wake pamaso pa kampani ndi amene dzina lake lili pa akaunti, ndipo malamulo a makampaniwa salola kugwiritsa ntchito akaunti ya munthu wina. Mnzakoyo akakana kukupatsa, ulibe kokadandaula. Chimodzimodzi ndalama za bonasi zimene amakopera nazo olowa kumene: zimakhala ndi malamulo oti uzibetche kaye usanatape. Ndipo malamulo a dziko lino saloleza munthu wosakwana zaka 18 kubetcha, choncho wamkulu amene amapatsa mng'ono wake foni kuti asewerere pa akaunti yake akumulowetsa m'chinthu choletsedwa. Nenani zimenezi mosaloza munthu, komanso musatchule nkhani ya mapepala ngati kuti mukuopseza. Ndi nkhani imene ambiri m'chipindamo imawasowetsa tulo kale.

Musaiwale atsikana. Shopu yobetchera imadzaza amuna, ndiye n'kosavuta kuyankhula ngati vutoli ndi la anyamata okha. Foni inasintha zimenezo. Mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba amene amagona yekha m'kachipinda ka kuseri kwa abwana atha kutaya malipiro ake usiku umodzi popanda womuona. Mukamapereka zitsanzo nenani kuti "mnyamata kapena mtsikana", ndipo pakhale mayi mmodzi wodalirika amene atsikana angakamuone.

Mphindi ziwiri zomaliza ndi za munthu amene wamira kale, chifukwa pa gulu lotere sangalephere kukhalapo. Tchulani zizindikiro kuti adziyeze yekha mumtima: kubetcha lero pofuna kubweza ya dzulo, kunamiza a kumudzi kuti abwana sanalipire, kukhudza ndalama ya lendi kapena ya chipereganyu, kupinyolitsa foni, kukongola kwa mashonisa, obwereketsa ndalama za katapila, kuti ubetchere. Chizindikiro choyambacho ndicho chachikulu. Amene wayamba kubetcha kuti abweze zimene analuza sakusangalalanso, ndipo ndalama imene amaika imakula sabata ndi sabata. Katapila ndiye amamaliza zonse. Tiyerekeze R500 ya chiwongoladzanja cha theka pamwezi: mwezi ukatha ndi R750, ukalephera mwezi wina n'kuwerengeredwa pamwamba yafika R1,125. Obwereketsa ena amasunga khadi la ku banki kapena pasipoti ngati chikole, zimene malamulo a ngongole a dziko lino amaletsa, koma wobwera amaopa kukanena. Apa ndi pamene mwambi uja wa mbewa ya manyazi imene inafera kuuna ukukwanira. Muunene kamodzi, mofatsa, kenako muwapatse pothawira.

Pothawirapo pakhale pogwirika. Lembani pa bolodi nambala ya 0800 006 008. Ndi ya uphungu wa anthu ovutika ndi njuga, ya bungwe la South African Responsible Gambling Foundation, yaulere, yoyankhidwa usana ndi usiku, ndipo uphungu wake salipiritsa. Uzani gulu lonse, obetcha ndi osabetcha, kuti atulutse mafoni n'kuisunga nthawi yomweyo "chifukwa cha mnzanu amene angadzaifune". Mukatero wofunadi thandizo aisunga popanda kuonekera. Afotokozereni kuti munthu atha kupempha yekha kuti aletsedwe kubetcha, kudzera ku kampani imene ali ndi akaunti kapena ku Gauteng Gambling Board, ndipo chiletsocho sichichotsedwa miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Pa foni chimapezeka pa mawu akuti self-exclusion. Kungofufuta pulogalamu sikuthandiza kwenikweni, imabwereranso m'mphindi imodzi usiku mtima ukauka. Chimene chimagwira ntchito ndi zinthu zitatu pamodzi: kutseketsa akaunti zonse, osati imodzi yokha, kuika pulogalamu yotchinga masamba obetchera monga BetBlocker yomwe ndi yaulere, ndi kuchotsa ndalama m'manja tsiku la malipiro lomwelo. Lendi ilipidwe, ya kumudzi itumizidwe, chakudya chigulidwe dzuwa lisanalowe, yotsalayo isungidwe ndi m'bale wokhulupirika amene azimupatsa ya mayendedwe sabata ndi sabata.

Musaitane anthu kutsogolo kuti adzalape pagulu pa nkhani imeneyi. Obwera kutsogolo adzakhala nkhani ya pa magulu a WhatsApp pofika madzulo, ndipo mbiri ikafika kumudzi mnyamatayo sadzapondanso pa tchalitchi. Nenani kuti inuyo ndi mayi uja mupezeka sabata yonse, perekani nambala zanu, ndipo lonjezani chinsinsi chimene mungachisungedi. Malire ake anenereni poyera: ngati wina akuganiza zodzipha, simudzasunga nokha. Ngongole za njuga zimafikitsa anthu pamenepo kawirikawiri kuposa m'mene mipingo imaganizira, makamaka munthu ali kutali ndi kwawo ndipo wadya ndalama za ena. Khalani ndi nambala ya 0800 567 567 ya SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, mu foni yanu, ndipo munthu wotere musamusiye yekha usiku umenewo.

Wina akabwera, chinthu choyamba ndi pepala ndi cholembera. Alembe ngongole zonse, kwa ndani, zingati, chiwongoladzanja chake, ndi tsiku lobweza. Ambiri sanaphatikizepo chifukwa choopa nambala yake, ndipo kawirikawiri amayamba atchula theka, zina zimatuluka pa kukumana kwachiwiri. Musadabwe kapena kumukalipira zikatero. Ndikukupemphani kwambiri kuti mpingo kapena gulu la achinyamata lisamubwezere ngongole ndi ndalama yoperekedwa m'manja mwake. Chifundo chotere chimathera m'kandege usiku womwewo, chifukwa mumtima mwake akuona kuti R1,000 imeneyi atha kuisandutsa R3,000 n'kubweza onse. Ngati pali thandizo, lipite molunjika kwa mwini nyumba kapena likhale chakudya, ndipo libwere akaunti zitatsekedwa inu mukuona. Poimba foni ya uphungu ija khalani naye pafupi, chifukwa kufotokoza zamanyazi m'Chingerezi kapena m'Chizulu kumalemera kwa munthu amene wangobwera kumene.

Chimene chimaononga nkhani zoterezi kawirikawiri ndi kukokomeza. Mukanena kuti palibe amene amawina, mnyamata wa pa benchi yachitatu akudziwa mnzake wa ku Yeoville amene anawina R8,000 chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo sakukhulupiriraninso. Vomerani kuti owina alipo, ngati uja anatsala ndi nyemba zoposa 50. Kenako funsani kuti mnzakeyo anaika zingati chaka chonse asanawine, ndipo waika zingati chiwinireni. Mapulogalamu obetchera amasunga mbiri ya ndalama zolowa ndi zotuluka. Apatseni ntchito ya kunyumba yoti aliyense aichite yekha, osaonetsa munthu: atsegule mbiriyo, aphatikize zonse zimene anaika miyezi itatu yapitayi, aphatikizenso zimene anatapadi n'kuzigwira m'manja, achotsere. Wobetchera ku shopu asunge matiketi onse mwezi umodzi m'kathumba, oluza omwe, chifukwa oluzawo ndi amene amatayidwa pakhomo pa shopu pamene wowina amajambulidwa. Popeza inuyo simunabetchepo, nenani zimenezo poyamba pomwe m'chiganizo chimodzi, ndipo Loweruka pemphani munthu wamkulu amene anasiya kubetcha akuonetseni tiketi yeniyeni kuti mudziwe pamene pamalembedwa maodzi, ndalama yoika ndi ndalama yolonjezedwa. Masamu onse a pa bolodi muwayese nokha pa chowerengetsera kawiri, chifukwa wina pagulupo adzakhala akuwerengera limodzi nanu pa foni yake.